Ulemu ukachuluka pachikwangwani, munthu amagwa chagada

Ife amene tinapeza malikisi abwino pa Chinyanja kusukulu, kenako moyo n'kutiiwala, tili ndi matenda amodzi: mukatipatsa mawu awiri a Chingerezi kuti tiwamasulire, timakubwezerani ulaliki. Taganizani za kachikwangwani kachikasu kamene amaimika m'masitolo a mumsewu wa Cairo akangokolopa. Mundipatse ine, ndilemba kuti: "Chonde anthu olemekezeka, tikukudziwitsani kuti pansi pano pakolopedwa kumene, choncho muyende mosamala." Amenewo ndi mawu 12. Munthu wothamangira minibasi ya ku Chelstone ku Kulima Tower amadutsa mita imodzi ndi kanthu pa sekondi, ndipo kachikwangwaniko amakaona katatsala mapazi atatu. Akamafika pa "olemekezeka" amakhala ali kale pansi, matimati ali mbwee. N'chifukwa chake ndikuti Chichewa choyenera chikwangwani n'chimene munthu angachimalize asanaime, ndipo kufupika kwakeko sikuchotsa ulemu.

Komatu kufupikitsa kulinso ndi mbuna yake. Womasulira waulesi amalemba "Pansi ponyowa" n'kupita kukalandira ndalama. Imeneyo ndi nkhani chabe, yofanana ndi kuuzidwa kuti kunja kuli mitambo. Nyengo ya mvula Lusaka yense amakhala wonyowa ndipo palibe amene amasintha kayendedwe. Chimene chimathyola msana ndi kuterera, choncho tchulani ngoziyo ndi chochita: "Samalani, mpoterera." Mawu awiri basi, ndipo ulemu wonse wakwanira mu ka "-ni" kakumapetoko.

Choletsa kulowa ndiye chimatiyesa zenizeni, pakuti chinenero chathu chimafuna kudziwa amene ukumuletsa. "Usalowe" ndi mmene umauzira mwana wofuna kupondaponda m'nyumba ndi matope. Ukalemba zimenezo pakhomo la ofesi, gogo wobwera kudzafunsa za penshoni wamunyoza. "Musalowe" n'ngwaulemu, koma amaloza munthu chala, moti wowerenga amatembenuka kuti aone ngati akunena iye. "Osalowa" saloza aliyense, choncho amagwira aliyense, bwana ndi mesenjala yemwe. Ukatha pamenepo, pakubwera funso limene Chingerezi chinalizemba: osalowa kuti? Chipinda chimafuna "muno", pageti "pano", dera lonse "kuno". Ndipo chizindikiro chofiira cha pamsewu, chokhala ndi mzere woyera pakati, chimaletsa galimoto osati miyendo. Mukachimasulira kuti "Osalowa kuno", mayi wosenza dengu azungulira tauni popanda mlandu. Pamafunika "Galimoto zisalowe kuno."

Anzanga a mataye adzati "osa-" ndi Chichewa cha pakhoma la kuseri kwa bala, cha "Osakodza pano", chosayenera banki. Ndikuwamvetsa, inenso ndimapereka moni mpaka tiyi kuzizira. Koma "N'koletsedwa kulowa muno kwa munthu wina aliyense wopanda chilolezo" sakuwonjezera lamulo lililonse. Akungowonjezera penti, ndipo wolemba zikwangwani wa ku Kabwata amatchaja potengera kuchuluka kwa ntchito. Zilembo zikachuluka pathabwa lomwelo zimachepa msinkhu, ndiye woyamba kulephera kuziwerenga ndi wachikulire yemwe uja timati tikumulemekeza.

Chotsutsa cholemera n'chakuti Lusaka salankhula Chichewa cha m'buku. Pano anthu amati "ngena" m'malo mwa "lowa", "manzi" m'malo mwa "madzi", ndipo kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", kotero "Chenjerani" amasanduka "Cenjerani". Apa ndigonja theka. Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zimene boma limagwiritsa ntchito m'masukulu ndi pawailesi, ndipo ana a mu Lusaka amakumana nacho m'kalasi, choncho "Osalowa" si mlendo. Komabe muyeso ndi womwe uja, wa munthu amene akuyenda. Ngati pamsika wa Soweto "Osangena" amaimitsa wokankha wilibala msanga kuposa "Osalowa", lembani "Osangena", ife akatswiri tikalirire kunyumba.

Otsala ndi amene amati ku Kabulonga ndi ku Woodlands aliyense amawerenga Chingerezi, ndiye kuvutikiranji. Zoona, eni nyumba amawerenga, koma galu wawo sawaluma iwo. Amene amagogoda pageti ndi wofuna ganyu yotchetcha kapinga, wogulitsa makala panjinga, ndi ife ena obwera kudzabwereka ndalama. Ameneyo ndiye mwini wa chikwangwanicho, ndipo akufunika kuwerenga "Chenjerani, muli agalu" dzanja lisanafike pachitsulo. Mukamulembera "Tikukupemphani kuti mukhale tcheru", adzaima n'kuyamba kusinkhasinkha kuti tcheru ndi chiyani kwenikweni, pamene galuyo, amene sanapite kusukulu iliyonse, wayamba kale ntchito pa buluku.