Hutala sikhozetsa mayeso ku Milange

M'tauni ya Milange muli madalaivala amene anaphunzira galimoto posuntha lole ya amalume awo pomwe ikupakiridwa nandolo. Msewu wopita kuchipata cha Muloza amaudziwa ndi maenje ake omwe, ndipo hutala imodzi imawakwanira kupereka moni, kuopseza wakabaza ndi kuitana mlamu. Tsoka limawagwera tsiku limene woyesa wa bungwe la INATRO, lomwe limapereka ziphaso zoyendetsera galimoto ku Mozambique, wakhala pampando wa kumanzere ndi pepala pamwendo.

Asanafike pachiwongolero, munthu amayamba wakhoza mayeso a malamulo a pamsewu a mu 2011. Mafunso ake ali m'Chipwitikizi, pomwe malonda a pamsika amatheka m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Pamenepo pokha ena amagwa pa zinthu zoti amazidziwa: kuti m'tauni galimoto yaying'ono isapitirire makilomita 60 pa ola, ndi kuti pamphambano yopanda chikwangwani amayamba kudutsa ndi wochokera kudzanja lamanja. Lamulo la ku Milange losalembedwa limati amayamba ndi wagalimoto yayikulu.

Nayu bambo wina wogula chimanga, wayendetsa zaka zambiri popanda pepala. Alowa, aliza injini, chigongono chili kale pawindo. Woyesa walemba kale kanthu, chifukwa iye amayembekezera kuona mpando ukukonzedwa, magalasi atatu akuwongoledwa, lamba akumangidwa, giya ikuonedwa ngati ili pa fili. Ponyamuka amafuna indiketa, diso pagalasi, kenako khosi litembenuke kuona paphewa, poti njinga yosenza matumba a makala imabisala malo amene galasi silionetsa. Bamboyo anayang'anadi, koma ndi ngodya ya diso. Woyesa saona za mumtima, amaona mutu ukatembenuka.

Pachikwangwani cha `STOP` bambo athu achepetsa liwiro, asuzumira uku ndi uku, nadutsa matayala akugudubuzikabe.

"Bambo, simunaime."

"Koma bwana, kunalibe kanthu."

"Chikwangwani chinalipo."

Kuima kumene lamulo limanena ndi kwakuti matayala onse asiyiretu kuzungulira, galimoto isanadutse mzere, ngakhale msewu utakhala wopanda ndi nkhuku yomwe.

Koma podyera anthu penipeni ndi pachitunda, ndipo tauni yokhala patsinde pa phiri la Tumbine siyisowa zitunda. Woyesa amati imani apa, kenako nyamukani osabwerera m'mbuyo. Dongosolo lake ndi lalifupi. Munthu amakoka handibuleki, naponda kilatchi mpaka pansi, nalowetsa giya yoyamba. Phazi lamanja limapereka moto pang'ono, lamanzere n'kumakweza kilatchi pang'onopang'ono kufikira pamene kulira kwa injini kwatsika ndipo galimoto yayamba kukoka ngati ng'ombe yomva goli. Apo ndi pamene kilatchi yagwira. Phazi liime pomwepo, maso aone magalasi, handibuleki itsitsidwe, galimoto ikwere yokha.

Zolakwika zake zimamveka ndi khutu. Wotsitsa handibuleki kilatchi isanagwire amabwerera m'mbuyo, anthu oonerera pansi pa mtengo wa mango n'kukuwa onse pamodzi. Wochotsa phazi mwadzidzidzi amadumphitsa galimoto, injini n'kuzima. Wamantha amaponda moto wambiri kilatchi ili pakati, injini n'kubangula galimoto isakusuntha, kenako fungo lopserera limalowa pawindo. Bambo wachimanga sanachite chilichonse mwa izi. Iye handibuleki sanayikhudze n'komwe, poti ya lole yake inaduka kalekale ndipo ntchito yake amagwira ndi mnyamata wonyamula mwala. Anachotsa phazi pabuleki kuthamangira pamoto, galimoto n'kutsetsereka chambuyo, iye n'kuyang'ana pagalasi kufuna mnyamata uja. Galasi limenelo analiyang'ana koyamba tsikulo.

Kuimika galimoto chambuyo pakati pa timitengo kunatha msanga. Anakhudza kamtengo kamodzi, n'kunena kuti kanali katapendekeka kale.

Amene anakhoza m'mawa umenewo ndi mtsikana amene anyamata ankamuseka kuti akuyendetsa mozengereza. Injini inamuzimira kamodzi, iye anakoka handibuleki, nabweza giya pa fili, naliza injini, nayang'ananso paphewa asananyamuke. Woyesa amasiyanitsa kulakwitsa kumene munthu wakukonza modekha ndi kumene kungaphe wapanjinga, ndipo akafika poti agwire yekha chiwongolero, mayeso athera pomwepo.

Madzulo, pamalo omwera tiyi, nkhani inali itasintha kale. Bambo wachimanga anafotokoza kuti woyesayo ndi wa ku Quelimane, dziko lathyathyathya la kokonati, ndiye za zitunda angazidziwire kuti? Anzake anavomera ndi mitu. Wina anati galimoto ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa ili ndi kilatchi yofewa dala. Atamaliza tiyi, bamboyo anakwera lole yake, nafuula kuti, "Iwe, chotsa mwalawo!"