Moni wa nyerere ndi wofufuza m'thumba

Anthu amakonda kuyamikira nyerere kuti ndi zaulemu. Ati zimayenda pamzere, sizikankhana, ndipo zikakumana zimaima n'kupatsana moni. Amene amatero sanagwadepo pansi pa tebulo kuti aone bwinobwino zimene zimachitika shuga akatayika.

Poyamba pamafika nyerere imodzi, ikungoyenda mokhotakhota. Ikalawa shugayo imabwerera kuuna ikukhudzitsa pansi nsonga ya mimba yake, n'kumasiya timadzi tafungo totchedwa feromoni. Zinzake zimatsata fungolo ndi tinyanga tawo, pakuti mphuno ya nyerere ili m'tinyangamo. Iliyonse yobwerako itakhuta imaonjezera fungo pamsewupo, ndipo njira yachidule ndiyo imanunkhira msanga chifukwa zimapita ndi kubwerako kawirikawiri. Mzere uja ndi umenewo. Palibe kapitawo, palibe woimba wezulo. Tapukutani pakati pa mzerewo ndi chala chonyowa, muone ulemu wonse ukubalalika, iyi uku iyi uko, mpaka ina itapeza fungolo tsidya linalo.

Ife a m'tauni sitingaziseke. Munthu akaona mzere pagolosale amayamba waima kaye, kenaka ndiye amafunsa wapatsogolo kuti, "Pepani achimwene, kodi kwabwera chiyani?"

Nanga moni uja? Thupi la nyerere limakutidwa ndi timafuta tokhala ndi fungo la kuuna kwawo. Ziwiri zikagundanitsa tinyanga, iliyonse ikununkhiza inzake kuti idziwe ngati ndi yapachibale. Ikakhala ya una wina, pa mitundu yambiri nkhani imathera pa kulumana. Ikakhala yakwawo, funso lotsatira ndi la m'mimba. Nyerere ili ndi kathumba kosungiramo chakudya chamadzimadzi kasanafike m'mimba mwenimweni, ndipo yanjala ikasisita yokhutayo ndi tinyanga, yokhutayo imabzikula kadontho n'kuipatsa pakamwa. Deborah Gordon, amene wafufuza nyerere za m'chipululu cha Arizona kwa zaka zambiri, anapezanso kuti zimene zili kuuna zimatuluka kukasaka malinga ndi kuchuluka kwa zinzake zobwera ndi chakudya zimene zakhudzana nazo pakhomo. Zikamabwera zochepa, zinazo zimangokhala.

Ndiye mukakumana ndi mnzanu pa depoti tsiku la malipiro, akakugwirani dzanja osalisiya, musafulumire kukondwa. "Mwasowatu bwana! Kunyumba kuli bwanji? Alamu? Nanga ana?" Maso ali pajumbo yanu. Wanunkhiza kale kuti ndinu wakwawo, tsopano akusisita kathumba. "Basitu ife ndi mavuto omwewa, ya minibasi yokha ikanapezeka."

Shuga akatha pansi pa tebulo, zobwerako sizisiyanso fungo, lakale lija limauluka, mzere n'kuzimiririka popanda wotsanzika. Mnzanu ujanso mukakumana naye mwezi uli pakati, amangokweza nsidze ali tsidya lina la msewu, foni ili pakhutu, chonsecho siinalire n'komwe.