Schadenfreude: Tsiku Limene Ajeremani Anabwezeredwa Mawu Awo

Pa 27 Juni 2018 mumzinda wa Kazan ku Russia, timu ya Germany inkafunika kugonjetsa South Korea kuti ipitirire mumpikisano wa chikho cha dziko lonse. Mphindi 90 zinatha popanda chigoli. M'mphindi zoonjezera, Kim Young-gwon anagwedeza ukonde wa Germany. Apa goloboyi Manuel Neuer anaona ngati anzake akungoseweretsa ntchito, choncho anasiya golo n'kupita kutsogolo kukawaonetsa kamenyedwe kake. Kumeneko anamulanda mpira n'kuuponyera Son Heung-min, yemwe anapeza pakhomo palibe mwini wake, n'kungoulowetsa. Masewero anathera 2 kwa 0, ndipo akatswiri omwe ankateteza chikho analongedza zikwama. Germany inali isanatulukepo m'ndime yoyamba chiyambire 1938.

Kuseka kwakukulu kunamveka ku Brazil. Kugwa kwa Germany sikunawaonjezere pointi ngakhale imodzi, koma ankakumbukira za pa 8 Julayi 2014, pamene Ajeremani anawathira zigoli 7 kwa 1 pakhomo pawo ku Belo Horizonte, zisanu mwa izo mphindi 30 zisanakwane. Germany itagonja ku Kazan, m'mawa mwake nyuzipepala ya The Sun ya ku Britain inalemba patsamba loyamba mawu a Chijeremani akuti Schadenfreude. Tangoganizani: kukusekani, kenako n'kubwerekanso mawu a kwanu komwe oti akusekereni nawo.

* * *

Amatchulidwa kuti "shadenifroyide," poti Mjeremani akalemba eu pakamwa pamatuluka "oyi." Ndi mawu awiri omatidwa. Schaden ndi kuwonongeka, kutayika kwa katundu kapena kupweteka. Freude ndi chimwemwe. Kumata kumeneku kuli ndi lamulo lake: mawu omalizira ndiwo mwini nkhani, oyambawo amangofotokoza kuti ndi mtundu wanji. Choncho Schadenfreude si mtundu wa tsoka ayi, ndi mtundu wa chimwemwe. Tsokalo n'chakudya chake chabe.

Amene amapeputsa lamuloli amachita manyazi m'sitolo. Kuh ndi ng'ombe yaikazi, Milch ndi mkaka. Kuhmilch ndi mkaka wa ng'ombe, koma Milchkuh ndi ng'ombe ya mkaka. Mlendo wina yemwe anali atangoyamba kuphunzira chinenerochi analowa m'sitolo ku Munich atanyamula kachikwama kakang'ono.

"Mundipatseko Milchkuh imodzi, mayi."

Mayiwo anayang'ana kachikwamako, n'kuyang'ana mwini wake. "Mwabwera ndi chingwe, bambo?"

"Ayi, ndingoika m'firiji."

Mawu omalizirawo ndi amenenso amasankha kamawu koyambira dzina, der, die kapena das, komwe kamaliza ophunzira. Amati der Schaden koma die Freude, ndiye zikaphatikizana zimakhala die Schadenfreude. Mjeremani akakumana ndi mawu atali omwe sanawamvepo, maso amathamangira kumchira kuti adziwe chinthu chake, kenako amabwerera chammbuyo kuti aone ngati n'chotani.

* * *

Anthu akamva zimenezi amayesa kuti Ajeremani ali ndi mankhwala. Palibe. Kumata mayina amakuchita ngakhale pa zinthu za m'khitchini. Magolovesi kwa iwo ndi Handschuh, nsapato ya dzanja. Firiji ndi Kühlschrank, kabati yozizira. Kamba ndi Schildkröte, chule wa chishango, dzina limene kamba akanalimva akanapita nalo kwa amfumu. Ndiye pali Kummerspeck. Kummer ndi chisoni, Speck ndi nyama yankhumba yonona, ndipo pamodzi zimanena mafuta amene munthu amaonjeza m'thupi chifukwa chodya kwambiri chibwenzi chikatha. Amalira uku akutafuna.

Ifenso timamata, koma mwini nkhani timamuika kutsogolo. Mthirakuwiri ndi munthu, ndipo zimenezo mwazidziwa kale pa "m" woyambayo, "thira" ndi "kuwiri" asanafike. Chimodzimodzi mpondamatiki ndi msungichuma. Chiphadzuwa sanaphepo dzuwa, koma palibe amene amafunsa kuti maliro ake ali kuti.

* * *

Nkhani yeniyeni ili pa zimene mawuwa sananene. Werenganinso: kuwonongeka, chimwemwe. Kuwonongeka kwa ndani? Chimwemwe cha ndani? Palibe palembedwa.

M'kalasi ina yophunzitsa alendo Chijeremani ku Hamburg, bambo wina anafika m'mawa kumwetulira kutafika m'makutu.

"Aphunzitsi, lero ndili ndi Schadenfreude yaikulu."

"Wagwa ndani?"

"Palibe wagwa. Galimoto yanga yakale ija, yosalira popanda kukankha, lole yaigunda ili poimika. A inshuwalansi andipatsa ndalama zoposa mtengo wake. Kuwonongeka kulipo, chimwemwe chilipo. Schaden, Freude."

"Bambo, masamu mwakhoza koma Chijeremani mwalakwa. Ndalama mwalandirazo ndi Schadenersatz, chipukutamisozi. Chimwemwe chanucho n'chimwemwe wamba. Schadenfreude ndi imene akanamva mnansi wanu uja mumalimbirana naye malo oimika galimoto, atasuzumira pawindo n'kuona lole ili pamwamba pa galimoto yanu."

"Iyeyo anasekadi."

"Eya, iyeyo ndiye wakhoza."

Bamboyo sanalakwitse kumasulira zidutswa. Chimene sanadziwe n'chakuti zidutswazo zimangolozera njira, ndipo zotsalazo anazidzaza ndi anthu amene akhala akugwiritsa ntchito mawuwa kwa zaka mazanamazana mpaka anagwirizana chimodzi. Tsoka likhale la wina. Wosangalalayo akhale woonerera, osati wochititsa. Ukamutchera mwendo mnzako n'kumaseka iye akudzipukuta fumbi, dzina lake ndi nkhanza. Schadenfreude imafuna kuti manja ako akhale oyera: wapunthwa yekha, iwe unangopezeka kuti unali pomwepo, maso ali bwinobwino.

Tsokalo lilinso ndi muyeso. Bwana wodzikuza akatuluka m'chimbudzi pepala litamatirira kunsapato n'kukalowa nalo mumsonkhano, ofesi yonse imadwala chifuwa chadzidzidzi. Bwana yemweyo akagonekedwa m'chipatala, kuseka kumatha, pamabwera Mitleid, mawu enanso omata: mit ndi "pamodzi," Leid ndi "kuvutika," kuvutikira limodzi, chifundo. Amene amapitiriza kuseka pamenepo anzake amayamba kumutalikira.

Ndipo si aliyense amene kugwa kwake kumakoma. Gogo wosadziwika akaterereka pa chipale chofewa mumsewu wa ku Berlin, anthu amathamanga kukamudzutsa. Koma woyendetsa galimoto yodula amene wakhala akukuwalitsirani magetsi kumbuyo kuti mumupatse njira, n'kukudutsani ngati mphepo, mukakamupeza kutsogolo ataimitsidwa ndi apolisi, phazi lanu limachoka lokha pa mafuta kuti muone bwino. Pamafunika kaye nsanje, mpikisano, kapena kamtima koti ameneyu anafunika kukhaula.

Ndiye onani katundu amene mawu a zilembo 13 asenza: anthu awiri, mbiri ya pakati pawo, tsoka la saizi yoyenera, manja oyera, ndi kamanyazi koti usaoneke mano. Ine ndimaona kuti kamanyazi kameneka ndiko kanawayendetsa mawuwa dziko lonse. Kunena kuti "ndasangalala kuti mnzanga zamuvuta" kumamveka ngati ukuulula ufiti. Kunena kuti "ndamva ka Schadenfreude pang'ono" kumamveka ngati unapita kusukulu.

* * *

Wafilosofi Arthur Schopenhauer sankaseka nawo. Iye ankaona kuti nsanje ndi ya umunthu, aliyense amakhala nayo, koma kusangalala ndi tsoka la mnzako n'kwa mdyerekezi. Anthu a kwawo omwewo ali ndi mwambi wonena kuti Schadenfreude ndicho chimwemwe chokoma kuposa zonse. Wafilosofi ndi mwambi sanagwirizanepo mpaka lero, ndipo m'mabala mumamveka mwambi.

Ku England, m'zaka za m'ma 1850, m'busa Richard Chenevix Trench, yemwe pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Dublin, analemba buku la za mawu momwe anadandaula kuti n'zoopsa kuti chinenero chikhale ndi mawu otere, poti mawu akakhalapo ndiye kuti chinthucho chiliponso. Angerezi anamva, anagwedeza mitu, n'kuwatenga mawuwo. Akuwagwiritsabe ntchito, ndipo ali ndi podzikanira: si athu, ndi obwereka.

Ajeremani sali okha. Aristotle analemba za khalidwe lomweli m'Chigiriki kalekale, ndi mawu omatanso akuti epichairekakia. A ku Sweden amati skadeglädje, a ku Denmark skadefryd, Adatchi leedvermaak. Adatchiwo anawaonetsa poyera mu 1998, Croatia itatulutsa Germany ndi zigoli 3 kwa 0 m'ndime ya matimu asanu ndi atatu. Akatswiri a za maganizo, motsogozedwa ndi Colin Leach, anafufuza mmene Adatchi anamvera ndi kugonja kumeneku, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2003. Anapeza kuti amene anakumbutsidwa kaye za kufooka kwa timu ya dziko lawo anakondwa kwambiri ndi tsoka la Germany kuposa anzawo. Bala lako likamawawa, kulira kwa mnansi kumamveka ngati nyimbo.

Kwathu nkhani yomweyi timaimaliza ndi mneni: "Wakhaula!" Kusiyana kwake n'kwakuti "wakhaula" amaloza wagwayo, pamene Schadenfreude imaloza wosekayo. Ife timatchula wolakwa. Mjeremani amatchula mboni, ndipo mboniyo ndiwe.

* * *

Musaganize kuti mawu akatalika ndiye kuti akuya. Mu 1999 nyumba ya malamulo ya chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern inakambirana za lamulo lomwe dzina lake linali ndi mawu awa: Rindfleischetikettierungsüberwachungsaufgabenübertragungsgesetz. Zilembo 63, opanda popumira. Yambirani kumchira monga tanenera. Gesetz ndi lamulo. Lamulo la chiyani? La kupereka kwa ena. Kupereka chiyani? Ntchito. Ntchito yanji? Yoyang'anira. Kuyang'anira chiyani? Kumata zizindikiro. Pa chiyani? Pa nyama ya ng'ombe. Linabwera nthawi ya mantha a matenda a misala ya ng'ombe, ndipo m'zilembo zonsezo mulibe chobisika ngakhale chimodzi. Chilichonse chalembedwa, palibe chotsalira choti mtima udzaze, ndipo palibe amene anawabwereka. Timaesi tina mukuona pakatipo ndi zomatira chabe zothandiza lilime, sitinena kanthu.

Mu 2013 lamuloli linathetsedwa, ndipo manyuzipepala a m'mayiko ambiri analengeza kuti Chijeremani chataya mawu ake aatali kwambiri. Mphunzitsi wina anauza kalasi yake uthengawu nkhope ili yachisoni. Kumbuyo kunamveka kuwomba m'manja.

"Mukusangalala kuti mawu afa?"

"Ayi aphunzitsi, tikumvera chisoni mnzathuyu. Anatha mwezi wathunthu akuwaloweza."

"Nanga mano ali pamtunda bwanji?"

"Tikuyeserera phunziro la dzulo lija."