Ngongole ya R7,000, koma akupempha R50 yokha

Pali munthu amene amandiimbira foni pafupipafupi kuno ku Joni, ndipo amandidziwa dzina lonse ngakhale sitinaonanepo. Akuti ndili ndi ngongole ya R7,000 kusitolo ina ya zovala. Akaunti imeneyo ndikuikumbukira. Ndinasiya kulipira mu Malichi 2021 ntchito itatha, ndipo panali patatsala R2,400. Chimene chinandizunguza mutu si kukula kwa ngongoleyo ayi, koma kufatsa kwa munthuyo. Akuti ndingotumiza R50 lero lomwe, zina tidzakambirana. Kwathu wolonjerera ngongole ya mbuzi sasangalala ukamupatsa dzira. Nanga uyu bwanji akuchita kundichonderera R50?

Funsoli ndinapita nalo kwa mwana wa achemwali anga, amene ndi kalaliki mu ofesi ya maloya.

"Amalume, mwatumiza?" Ndinati ayi. Anapumira m'mwamba.

Anandiuza kuti ku South Africa kuli lamulo la mu 1969 lotchedwa Prescription Act, limene limati ngongole wamba, monga ya sitolo kapena ya khadi ya banki, imafa pakatha zaka zitatu chiyambire pomwe inayenera kubwezedwa. Ine ndinaseka. Ngongole n'kufa? Kwathu timati ngongole siola, ndipo mwini akamwalira ana ake amabwera kudzaitenga. Iye anati kuno imafa ndithu, bola mwini wake akhale zaka zitatuzo osakutengera kukhoti, iwenso osavomera kuti uli nayo.

Ndiye R50 ikulowa pati?

"Kulipira ndi kuvomera, amalume. Mukapereka ngakhale R50 zaka zitatu zisanakwane, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku limenelo. Mukanena pafoni kuti inde ndi yanga, ndidzalipira mwezi ukatha, mwavomeranso, ndipo mafoni awo ambiri amajambula mawu."

Ndinafunsa ngati zili chimodzimodzi zaka zitatu zikakhala kuti zinakwana kale, monga ine ndimaganizira za yanga. Anati pamenepo ngongole yafa, koma ndalama imene wapereka pa ngongole yakufa lamulo limaiona ngati malipiro enieni, sungakaiitanitsenso. Anaonjeza kuti kuyambira mu Malichi 2015, gawo 126B la National Credit Act limaletsa kugulitsa ngongole yotere kapena kupitiriza kuitolera. Apa ndinadabwanso, chifukwa sindinkadziwa kuti ngongole imagulitsidwa. Kani amene amandiimbirayo mwina si wa kusitolo n'komwe. Pali makampani amene amagula maakaunti akale mwaunyinji pa mtengo wotsika, kenako n'kumaimbira aliyense kuti aone amene agwe mphwayi.

Ngati lamulo likuletsa, bwanji foni ikulirabe? Yankho lake silinandikhutiritse, koma ndi loona: palibe amene angakuwerengere zaka ngati iwe mwini sunena. Ngakhale khoti silidzutsa lokha nkhani yoti ngongole inafa. Umayenera kuitchula wekha.

Ndinati basi, ndikamuuza munthuyo kuti yanga inafa mu Malichi 2024. Mwanayo anandigwira mkono.

"Dikirani kaye. Munapitako kumudzi nthawi imeneyo?"

Zikukhudzana bwanji ndi zovala? Zikukhudzana, ndipo ife a ku Malawi izi zimatipeza kwambiri. Wangongole akakhala kunja kwa South Africa cha kumapeto kwa zaka zitatuzo, ngongole siifa mpaka patathe chaka chathunthu chibwerereni. Ulendo wa mwezi umodzi mu 2022 susintha kanthu. Koma munthu amene anapita kwathu mu 2023 n'kubwerera mu Januwale 2024, yake ikanafa mu Januwale 2025, osati mu Malichi 2024. Ine sindinachoke nthawi imeneyo, choncho mbali iyi inandidutsa.

Kenako anafunsa chimene chinandiopsa. Kodi ndinasamuka pa nyumba imene ndinalembetsa potsegula akaunti? Ndani wa ife sanasamukepo ku Joni kuno? Anati chisamani cha khoti chimaimitsa zaka zitatu zija, ndipo sherifu akhoza kuchisiya pa adiresi imene unalemba pa pangano, ngakhale unachokapo kale. Ukapanda kuyankha m'masiku khumi ogwira ntchito a khoti, chigamulo chimaperekedwa iwe kulibe, ndipo ngongole ya chigamulo imakhala zaka 30, mofanana ndi ngongole ya nyumba. Zoti munthu angagamulidwe mlandu ali kuntchito osadziwa kanthu, ine mpaka pano sindikuona chilungamo chake, ngakhale akuti pali njira yopempha khoti kuti lifafanize chigamulo chotere.

Ndingadziwe bwanji ngati zinandichitikira? Anati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira lipoti la ngongole zake ulere kamodzi pa chaka ku mabungwe monga TransUnion kapena Experian, ndipo zigamulo zaposachedwa zimaonekamo. Koma njira yachidule ndi kumufunsa woimbayo.

Ndinati ndimufunse chiyani, popeza mwandiletsa kuyankhula? Anati sanandiletse kufunsa, wandiletsa kuvomera. Ndimufunse dzina lake, kampani yake, ndi nambala imene analembetsa ku Council for Debt Collectors, chifukwa wotolera ngongole za ena amene si loya ayenera kulembetsa kumeneko. Ndimuuze kuti sindikuvomera ngongole iliyonse, ndipo zonse anditumizire polemba: pangano limene ndinasaina, sitetimenti yoonetsa tsiku limene ndinalipira komaliza, ndi nambala ya mlandu ngati anapitadi kukhoti. Nambala ya pasipoti kapena ya akaunti ya kubanki ndisamupatse pafoni, pakuti akuba nawonso amaimba ndi mawu omwewo. Mapepala akabwera n'kuonetsa kuti palibe chinachitika chiyambire Malichi 2021, ndiwalembere imelo yachidule yonena kuti ngongoleyo ndi `prescribed` ndipo asiye kundiimbira, n'kusunga kope lake. Akapitiriza, dandaulo lipite ku Council ija kapena ku National Credit Regulator.

Nanga zikapezeka kuti ngongole ili moyo, ndilipire R7,000 yonse? R2,400 inabereka bwanji chonchi? Anati gawo 103(5) la lamulo lomwe lija la ngongole limati chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zina zimene zimaunjikana munthu atasiya kulipira zisapose ndalama imene inatsala. Pa R2,400 malire ndi R4,800, kupatula ndalama za mlandu ngati unafika kukhoti. Ngongole yamoyo ndi yofunika kuilipira, koma mutagwirizana polemba za kuchuluka kwake ndi zopereka pa mwezi, ndipo pomaliza akupatse kalata yoti watsiriza.

Ndinali ndi funso lina limene ndinkachita nalo manyazi. Munthuyo ananena kuti atumiza apolisi. Kodi angandimange? Mwanayo anati kulephera kubweza ngongole ya sitolo si mlandu wa apolisi, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dzikoli linathetsa zotsekera anthu m'ndende chifukwa cha ngongole zotere mu 1995. Kuopseza n'koletsedwa m'malamulo a otolera ngongole, monganso kuimba Lamulungu, kapena pakati pa 9 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa.

"Koma amalume, foni mukhoza kuidula. Pepala lokhala ndi chidindo cha khoti ndi nambala ya mlandu musaliike pansi pa matiresi. Mubwere nalo kwa ine tsiku lomwelo, kapena mupite nalo ku Legal Aid South Africa masiku khumi aja asanathe."