Nsapato ndi yomweyo, chasintha ndi chikwangwani

Mu 2018, kampani ya nsapato zotchipa ya ku America yotchedwa Payless inawachita chipongwe anthu odzitcha akatswiri a fasho. Inabwereka shopu ku Santa Monica momwe kale munkagulitsidwa zovala za Armani, n'kukongoletsamo ndi magalasi ndi nyale, panja n'kupachika dzina lomveka ngati Chitaliyana: Palessi. Pamashelefu anayalapo nsapato zawo zomwe zija za madola 20 mpaka 40, koma iliyonse payokhapayokha, motalikirana. Oitanidwa anabwera, n'kumazitembenuza uku akuyamikira kuti zasokedwa mwaluso. Wina anatulutsa madola 640 pa peyala imodzi. Atauzidwa zoona anangoti kukamwa yasa. Ndalama anawabwezera, nsapato n'kuwasiyira, koma manyazi aliyense ananyamula ake.

Tisawaseke kwambiri. Kwathu kuno diresi limatuluka m'belo la kaunjika m'mawa, mayi n'kumalinenerera mpaka wogulitsa thukuta kamukamu: "Achimwene, taonani batani palibe, tsitsaniko." Likagulidwa ndi mwini butiki, limachapidwa, kusitidwa, kuthiridwa pefyumu, n'kuvekedwa chidole chopanda mutu kuseri kwa galasi. Mayi yemwe uja akalipeza kumeneko safunsanso za batani. Amafunsa motsitsa mawu ngati amalandira khadi. Kunenerera m'butiki amaona ngati kudziyalutsa, ndipo mwini shopu amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake sawunjika katundu. Mulu umauza wogula kuti zilipo zambiri, diresi limodzi pachidole limamuuza kuti akachedwa alipeza lapita.

Nkhani ya minibasi ndiye imandimaliza. Munthu wakhala folofolo, mawondo agunda chibwano, pamiyendo amuika beseni la usipa la mwini wake, chitseko n'chomanga ndi chingwe. Ali phee. Mvula ikudontha padenga, iye amangosendeza mutu. Koma kondakitala angoti mtengo wakwera pang'ono chifukwa cha mafuta, minibasi yonse imasanduka bwalo la milandu. Munthu yemweyo mumukweze basi yapamwamba yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Tikiti yodula walipira osatsinya nkhope, koma basi ichedwe kunyamuka ndi mphindi khumi, mumva: "Ndikufuna manejala!" Pamalo otchipa timakhululuka chilichonse kupatula mtengo. Pamalo odula timakhululuka mtengo, zina zonse ayi.

Komabe pali zina zimene odula okha amaloledwa. Pachiimilire mukapatsa kasitomala kansima kochepa, akufunsani ngati kuli njala. Kuhotela amakubweretserani mbale yaikulu ngati lichero, pakati pali kanthuli ka nkhuku ndi tsamba limodzi pamwamba, mutadikira ola lathunthu. Bambo wina ndinamuona akudya kanthuliko mwaulemu ndi mpeni ndi foloko, n'kusiyira woperekera zakudya kangachepe. Atatuluka anaimika galimoto pachiwaya n'kugula tchipisi cha mazira.

Musaganize kuti n'kudzionetsera kokha, lilime nalo limapusitsika. Mu 2008 ofufuza a ku Caltech ndi Stanford anapatsa anthu vinyo mmodzi yemweyo kawiri, pena n'kuwauza kuti botolo ndi la madola 10, pena la madola 90. Anthuwo anati wa 90 ndiye wokoma, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti mbali yomva kukoma inatakasukadi kwambiri. Sankanama ayi. Mtengo unalowa nawo m'kamwa.

Dzina lotchipa nalo likakumatirira silichoka msanga. Ku India, kampani ya Tata inaonetsa kagalimoto ka Nano mu 2008 pa mtengo wa marupi 100,000, n'cholinga choti mabanja okwerana anayi panjinga yamoto apeze denga. Pofuna kutsitsa mtengo anaika waipa imodzi, injini kumbuyo, ndipo buti sinkatseguka kunja. Zonsezo anthu akanapirira. Chimene chinawakanika n'choti dziko lonse linkaitchula kuti galimoto yotchipitsitsa padziko lapansi. Ndani angafune kufika kwa apongozi ndi galimoto yolengeza yokha kuti m'thumba simuli bwino? Ambiri anasankha yakale yogwiritsidwapo kale ntchito koma ya dzina. Pofika 2019 Nano inali italeka kupangidwa.

Nanga Payless, chipongwe chija chinaipindulira? Chinaonetsa kuti nsapato zake zikhoza kudutsa pamaso pa akatswiri, koma ogula sanasinthe maganizo pa dzinalo. Mu 2019 kampaniyo inagwa ndi ngongole n'kutseka mashopu ake onse a ku America.