Tsitsani pang'ono, bambo

Ku Biwi kuno munthu akagula sipika sagulira iye yekha, amagulira dera lonse. Tayendani wapansi kuchokera pa mashopu a sipeya kulowera ku Kawale mukadzionere. Wometa waika sipika pakhomo yaloza kumsewu, wogulitsa kaunjika waika yake yaloza kwa wometa, wa saluni naye wakweza kuti asaoneke wosauka. Koma munthu amene walowa m'kati ndi ndalama m'thumba, palibe amene akumuganizira.

Ine ndikulankhula ngati katswiri. Mayi a kunyumba ali ndi kalesitilanti ka matebulo atatu ndi mipando 12, denga la malata lopanda siling'i. Ntchito itandithera ku Kanengo anandiyesa pa mphika, anyezi anapserera. Anandiyesa pa ndalama, chenji chinayamba kusowa chokha. Mpando umene unatsala unali woyang'anira nyimbo, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri, chifukwa kunyumba kunali sabuwufa yanga imene aneba anali ataidandaula kale kwa a landilodi.

Ndinaiika pansi, pakona, ndi kukweza bezi mpaka pomaliza. Malata anayamba kunjenjemera ngati minibasi yokalamba yokwera mtunda, masipuni akuvina okha m'beseni. Ine ndili chilili pakhomo, manja m'chiuno, kudikira khamu la anthu.

Analowa makanika wina, ovolosi ili mafuta okhaokha.

"Nsima ya nyemba, bwana!"

Ine ndinamva nyama. Ndinakuwira kukhitchini, mbale ya ng'ombe inabwera, munthu anadya bwinobwino mpaka kunyambita zala, kenako anatulutsa ndalama ya nyemba. Mkangano unali pamenepo, koma palibe ankamva mnzake. Mayi anatuluka ndi mthiko m'manja, anazula chingwe pakhoma, n'kunena modekha kwambiri kuti, "Bambo, kusiyana kwa nyemba ndi nyamaku kuchokera m'thumba mwanu."

Lamulo loyamba la pamalo pathu linabadwa tsiku limenelo, ndipo tsopano ndimaliphunzitsa ngati ndinalipeka ndine. Imani pamene pamaima kasitomala, wina aime pa kauntala, pakati panu pakhale mtunda wa mkono umodzi. Lankhulani mmene mumalankhulira masiku onse. Wina akangoti "mwati bwanji?", nyimbo zakwera. Musayese muli pafupi ndi khomo, chifukwa phokoso limachepa msanga mukamatalikira sipika, ndiye mwini shopu amene waima patali amaona ngati zili bwino pamene wakhala pafupi nayo mutu ukuwawa. Ndipo khutu limazolowera. Voliyumu imene m'mawa imamveka yokwera, pofika masana mumaiona yochepa, mumawonjezera pang'ono, kenako pang'ono penanso. Ife tinachita kulemba chizindikiro ndi penti ya zikhadabo pa kabatani kokwezera. Kupyola pamenepo ndi mlandu.

Za pakona paja ndinazimva kwa mnyamata wokonza mawailesi amene amadya pathu. Sipika ikakhala pansi ndiponso pakona, makoma awiri ndi simenti zimabweza bezi yonse m'chipinda, ndiye mumangomva kugunda koma mawu a woimba osamveka. Malata, magalasi ndi matailosi nazo sizimeza phokoso, zimangolibweza. N'chifukwa chake mu saluni, momwe muli magalasi mbali zonse ndi dulaya ikulira, kukweza wailesi kuti ipose dulaya kumangosandutsa aliyense wolalata. Anatiuza kuti tichotse sabuwufa, tipachike kasipika kakang'ono pamwamba, kupitirira mutu wa munthu woimirira, kotalikirana ndi kona, koloza pakati pa chipinda osati pa tebulo limodzi. Mayi anawonjeza makatani a nsalu pa zenera ndi pa khomo la kukhitchini, ndipo kulira kwa chipinda kuja kunachepa. Sabuwufa yanga pano ndi mpando wa mwana wotsuka mbale.

Nkhani ya voliyumu itatha, ndinalowa m'zasayansi, pakuti munthu wa udindo ayenera kuwerenga. Ku America kunali mphunzitsi wa za malonda dzina lake Ronald Milliman, amene mu 1986 anasindikiza zimene anapeza atasinthasintha nyimbo mu lesitilanti ina. Masiku ena ankaika nyimbo zodekha, zogunda ka 72 kapena kucheperapo pa mphindi imodzi, masiku ena zothamanga, zogunda ka 92 kupita m'tsogolo. Pa zodekha anthu ankakhala pa tebulo mphindi pafupifupi 56, pa zothamanga 45, ndipo okhalitsawo ankagula zakumwa zambiri. Kuyeza kwake n'kosavuta: gogodani tebulo ndi chala motsatira ng'oma kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Mukagogoda ka 18, imeneyo ndi 72. Amapiano amene ana amakonda masiku anowa amakufikitsani cha m'ma 28, kutanthauza kupitirira 110.

Ndinathamangira kwa mayi ndi nzeru imeneyi. Mawa lake nthawi ya nkhomaliro ndinaika zoziziritsa mtima zokhazokha, magitala a Giddes Chalamanda, zodekha za Lawi, ndi zina zotero. Ndipo sayansi inagwira ntchito, anthuni! Amakanika anadya, anasamba m'manja, anatsamira khoma. Wina anavula nsapato. Wina anayamba kufotokoza mbiri ya giyabokosi ya lole ina kuchokera pachiyambi. Panja anthu ataima ndi njala, kusuzumira, kuona mipando yodzadza, n'kuwolokera kwa mayi wa tsidya lina la msewu.

Madzulo mayi anandikhazika pansi ndi kope la ngongole, n'kutembenuza tsamba lakumapeto.

"Tawerengani, bambo, poti ndinu ophunzira. Anthu athu amabwera kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko. Mipando ilipo 12. Munthu akakhala mphindi 20, mpando umodzi udyetsa anthu angati?"

"Sikisi."

"Onse pamodzi?"

"72."

"Nanga akakhala mphindi 30?"

Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo. Anthu anayi pa mpando, onse 48. Mbale 24 zapita tsidya lina.

"Mzungu wanuyo," anatero mayi, "anthu ake akakhalitsa ankagula zakumwa. Athuwa akakhalitsa amamwa chiyani?"

Madzi a m'jagi. Aulere.

Choncho pulogalamu inatembenuka. Masana, pamene mipando ikuchepa, timaika zosangalatsa zoyenda mofulumirirapo, za Skeffa Chimoto, Lulu, Driemo, koma motsitsa, kuti munthu adye mokondwa n'kukumbukira kuti galimoto ya bwana ikumudikira. Zodekha zija zimalowa cha m'ma 3 koloko, pamene mipando ili mbee ndipo tikufuna kuti amene walowa akhalitse, aitanitse tiyi kapena chozizira, odutsa aone kuti muli anthu. Wa saluni kapena wometa asatengere zathu za masanazi. Kwa iye kasitomala sangafulumire ngakhale atafuna, mayi womangitsa mesh amakhala maola, ndipo amene ali pa benchi akudikira ndiye wofunika kumuziziritsa mtima kuti asanyamuke. Kumeneko zodekha ndi zimene zimasunga ndalama.

Tsono pali nkhani ya kusankha. Ine mtima wanga uli pa Evison Matafale ndi Black Missionaries, ndipo ndikanakonda dziko lonse likanamamvera zimenezo kuyambira m'mawa. Koma m'mawa pathu pamabwera amayi ogulitsa pamsika kudzamwa tiyi, ndipo iwo amakhazikika mukaika Ethel Kamwendo Banda kapena Great Angels Choir. Lucius Banda ndiye sakanidwa ndi aliyense, makamaka chimwalirireni mu 2024, ngakhale kuti zina mwa nyimbo zake zandale zimatha kuyambitsa msonkhano pa tebulo. Nyimbo za chipani chilichonse sitiika n'komwe, chifukwa nsima ilibe chipani ndipo theka la makasitomala likhoza kutuluka. Zotukwana nazonso ayi. Mwana wa sukulu akhoza kuzikonda, koma tsiku lina mudzaona abusa ataimitsa mbamu m'malere, akukuyang'anani.

Mdani wamkulu ndi memole khadi yodzazitsa kwa anyamata oika nyimbo pamsika. Mumangoti "ndiikireni zabwino", iwo n'kukuthirani mazana angapo osasankha. Nyimbo ina inajambulidwa motsika, yotsatira mokweza, ndiye mukakweza kuti mumve yoyambayo, yachiwiri imagwetsa munthu pa mpando. Ndipo mukasiya kuti makina azisankha okha, pakati pa nkhomaliro pamatulukira nyimbo ya pamaliro. Zinatichitikira. Bambo wina anasiya kudya, anavula chipewa, n'kufunsa kuti watisiya ndani. Pano ndimakhala pansi Lamulungu madzulo, kumvera iliyonse, kuchotsa zokuwa ndi zolira, n'kuzigawa m'mafoda atatu: m'mawa, masana, madzulo. Foda iliyonse ikhale yotalika maola awiri kapena atatu, chifukwa kasitomala amamva nyimbo kamodzi koma wogwira ntchito amaimva tsiku lonse, ndipo mtsikana wathu woperekera zakudya analumbira kuti nyimbo ina ikadzabwerezedwanso adzasiya ntchito.

Wailesi ndi yosavuta, koma simudziwa chimene ikubweretsereni: mauthenga achisoni, mtsutso wa ndale, kapena mpira. Tsiku la Bullets ndi Wanderers mukatsegula wailesi, dziwani kuti mwaitana anthu odzakhala mphindi 90 pa botolo limodzi. Za foni ndi Bluetooth ndingokupemphani chimodzi: foni yoimbira nyimbo isakhale imene mumalandirira mauthenga. Ine lesitilanti yonse inamvapo uthenga wa mawu wochokera kwa mlamu wanga, wofunsa za ndalama yake ya feteleza, momveka bwino kuposa nyimbo iliyonse imene ndinaikapo. Amakanika mpaka lero amandifunsa ngati ndinabweza.

Chotsala ndi cha boma. Kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba ndi alembi, ndipo lamulo la zokopera limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Kumvera nyimbo kunyumba kwanu ndi nkhani ina, koma kuziimba pamalo a bizinesi kuti makasitomala azimva kumafuna laisensi, ndipo ndalama imene munapatsa mnyamata wa memole khadi uja siifika kwa woimba ngakhale tambala. Kunena zoona, n'zomveka. Ngati gitala ya munthu ikuthandiza kugulitsa nsima, naye adyeko.

Komabe ine, poganizira chuma cha banja, ndinabwera ndi njira yopulumutsira ndalamayo. Ndinauza mayi kuti tikhoza kuzimitsa zonse, ine n'kumaimira pakona ndi kuimba nyimbo zopeka ndekha, poti ndinaimbako kwaya ndili mnyamata. Ndinayambitsa ndime imodzi kuti amve chitsanzo. Sanandilole kumaliza. Anavula epuloni, anatenga chikwama, n'kufunsa mnyamata wa mawailesi uja kuti ofesi ya COSOMA ili mbali iti ya tauni.