Mmene mungakanidwire ndi banki komanso kampani ya achinyamata pa kalata imodzi

Kulemba makalata awiri n'kudzizunza, makamaka masiku ano pamene magetsi akhoza kuthima munthu uli pakati pa chiganizo. Ndiye chifukwa chake amalonda ambiri a m'tauni muno anatulukira nzeru: amalemba kalata imodzi yopemphera ntchito n'kuitumiza kulikonse kumene kukumveka fungo la ndalama. Kalatayo imakhala ngati mankhwala ogulitsa m'basi aja, ochiza mutu, msana ndi mavuto a m'banja omwe. Pakatha mwezi eni ake amayamba kudandaula kuti Amalawi sayankha maimelo. Poti mchitidwewu wakhazikika, tiyeni tiuikire malamulo kuti aliyense azikanidwa mwadongosolo.

Tinene kuti muli ndi njinga zamoto 6 mu Lilongwe, ndipo mumanyamula makalata ndi katundu wopepuka pa K5,000 ulendo umodzi. Mukusaka makasitomala awiri. Woyamba ndi banki ina yaikulu imene imatumiza zikalata pakati pa nthambi zake, kuchokera ku City Centre kupita ku Old Town kapena ku Kanengo. Wachiwiri ndi kampani ya achinyamata atatu imene yangoyamba kumene, yogulitsa ndiwo zamasamba kwa anthu oitanitsa pa foni. Makalata otere ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma matenda ake ndi omwewa m'chinenero chilichonse.

Lamulo loyamba: ku banki muzimasuka. Yambani ndi "Zikuyenda, madala?" ndipo muikepo tizithunzi titatu ta moto ndi kamodzi ka manja opemphera. Tumizani kuchokera pa adiresi ya imelo imene munatsegula muli Fomu 2, ija ili ndi dzina la woimba amene munkamukonda. Pamalo a mutu wa imelo musalembepo kanthu, bwanayo aphunzire kulosera. Musatchule za mapepala a boma, chifukwa anthu okhulupirirana safunsana mapepala. Zoti banki imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kwacha iliyonse imene yatuluka imadzafunsidwa ndi owerengera ndalama, zimenezo ndi zawo. Zoti imelo yanu ikafika kwa woyang'anira zogula iye amaitumiza kwa bwana wake, mwinanso kwa oona za chitetezo ndi a zamalamulo, kenaka n'kuiika m'faelo, musazilabadire. Lolani kuti "madala" wanu uja ayende maofesi onsewo, aliyense akudziweni.

Lamulo lachiwiri ndi lalikulu, ndipo lifunika khama: kwa achinyamata aja pitani ndi ulemu wonse wa pabwalo la mfumu. Lembani kuti "Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Nthambi Yoona Zogula, kudzera kwa Mlembi Wamkulu", ngakhale mukudziwa kuti mkuluyo, mlembiyo ndi wolongedza tomato ndi munthu mmodzi yemweyo, amene wakhala pa desiki yobwereka m'malo ngati mHub kapena Mzuzu E-Hub. Ndime yoyamba ifunse za moyo wake ndi kumutsimikizira kuti inu kuno muli bwino. Yachiwiri ifotokoze mbiri ya kampani yanu kuyambira tsiku limene munalota maloto. Yachitatu ikambe masomphenya anu ndi mfundo zisanu ndi ziwiri zimene mumayendera. Mukatero mumatirepo kabuku ka masamba 20 kokhala ndi chithunzi cha njinga iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo. Gmail imalola kutumiza faelo yofika 25 MB, ndiye n'kusiyiranji malo? Mnyamatayo amawerenga pa foni ataimirira, bandulo yake ikutha, kasitomala akumuimbira kuti anyezi sanafike. Bandulo ikamuthera pa chithunzi cha njinga yachinayi, adzakukumbukirani moyo wake wonse.

Lamulo lachitatu: bisani chimene mukufuna. Nenani kuti "tikufuna tigwirane manja pa chitukuko" ndipo mulekere pomwepo. Apa ndiye pamandipsetsa mtima, ndipo ndinena mosaseka. Munthu amene wawerenga kalata yonse osadziwa kuti mukugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ndipo iye achite chiyani mawa, simunamulemekeze ayi, mwamubera nthawi. Sadzakuimbirani kuti mumumasulire.

Malamulo ena ndi odziwika, sitichedwapo. Siyani dzina la banki ina m'kalata yopita ku banki inzake. Ikani mabwana onse a m'tauni pa CC kuti aliyense aone kuti ali nambala 40 pa mndandanda wanu. Mutu uyambe ndi Fwd: Fwd: kuti zidziwike kuti kalatayo yayenda. Imbani foni 10 koloko usiku kufunsa ngati aiona.

Tsopano pali anthu ena ouma mutu amene amafuna kuyankhidwa. Iwowa amayamba alemba pa pepala zinthu zisanu: ndife yani, tikugulitsa chiyani, mtengo wake, umboni woti tingathe, ndi chimene tikupempha. Zisanuzi sizisintha. Chimene amasintha ndi malonje, dongosolo la mfundo, kutalika kwa uthenga ndi umboni umene auika patsogolo, chifukwa owerenga awiriwa amaopa zosiyana. Wa ku banki amaopa mlandu: envulopu ya kasitomala ikasowa pa msewu, afunsidwa ndi iye amene anakulowetsani. Wachinyamata uja amaopa kutaya tsiku ndi ndalama zochepa zimene ali nazo, ndipo safunika chilolezo cha wina kuti akuyeseni.

Ku banki, ouma mutuwa amayamba afufuza udindo weniweni wa munthu wolandira makalata otere, ndipo mutu wa imelo umanena zonse: "Pempho lolowa m'kaundula wa onyamula zikalata, Lilongwe". M'kati amalemba motere:

"Kwa Oyang'anira Zogula. Bambo kapena Mayi, ndife kampani yolembetsedwa ku boma imene imanyamula zikalata mu mzinda wa Lilongwe ndi njinga zamoto 6. Tikupempha kuti mutiganizire pa ntchito yonyamula zikalata pakati pa nthambi zanu. Envulopu iliyonse imasainidwa poitenga ndi poipereka, oyendetsa athu onse ali ndi malaisensi, ndipo njinga zonse zili pa inshulansi. Mtengo ndi K5,000 pa ulendo wa m'kati mwa mzinda. Taphatikizapo chikalata cholembetsera bizinesi, TPIN yathu, chikalata cha MRA chosonyeza kuti misonkho tinalipira, ndi makalata a makasitomala awiri otichitira umboni. Chonde tiuzeni ndondomeko yolowera m'kaundula wanu, ndipo ngati n'kotheka mutipatse mphindi 20 tidzadzifotokoze."

Pansi pake pali dzina lonse, udindo, nambala ya foni ndi kumene kuli ofesi, ndipo mapepala onse ali mu PDF imodzi yotchulidwa dzina la kampani. Taonani kuti sakupempha ntchito ya mawa. Mabungwe akuluakulu ambiri amayamba alengeza m'nyuzi kuti ofuna kuwagulitsa zinthu alembetse, kenaka amapempha makotesheni kwa amene alowa m'kaundula, ndipo ntchito imayamba oda yolembedwa ikatuluka. Malipiro nawo amabwera pambuyo pa invoisi, nthawi zambiri patapita milungu, choncho mafuta a masiku amenewo akhale alipo kale m'thumba mwanu.

Kwa achinyamata aja, mfundo zomwezo zimatembenuzidwa, vuto lawo n'kukhala patsogolo:

"Moni a Uje. Ndaona kuti mumalonjeza makasitomala anu ndiwo tsiku lomwelo. Tili ndi njinga zamoto 6 mu Lilongwe, K5,000 pa ulendo, ndipo wolandira katundu amasainira. Timanyamulira kale mashopu awiri, manambala awo ndingakupatseni. Bwanji mutiyese ndi maoda 10 sabata yamawa, muone nthawi imene tikufikira? Mukavomera, ndikuimbirani Lachiwiri m'mawa."

Uthengawu umakwana pa foni osatsitsa chala kawiri. Mulibe faelo, mapepala a boma adzatumizidwa akawafuna. Koma ulemu sunachoke: akadali "a Uje" ndipo akadali "inu". Kufupikitsa mawu si kusandutsa munthu mnzanu wa pa bawo. Mwini kampani wa zaka 24 amene mwamutcha "mphwanga" pa uthenga woyamba amamva bwino lomwe kuti mwamuderera, ndipo njinga zamoto m'tauni muno si zanu zokha.

Tibwerere ku malamulo, poti latsala limodzi lokoma. Lamulo lomaliza: posintha kamvekedwe, sinthaninso choonadi. Ku banki nenani kuti muli ndi njinga 30 ndi nthambi ku Mzuzu, poti banki imakonda zazikulu. Kwa achinyamata nenani kuti nanunso mwangoyamba dzulo ndipo mtengo ndi K3,000, poti ndinu a pamtima. Lilongwe ndi mzinda waukulu kwambiri, palibe mwayi woti mnyamata wa ndiwo uja ali ndi mlongo wake wogwira ntchito ku banki yomweyo, kapena woti a banki adzabwera kudzawerenga njinga zanu. Kunena mosaseka, ngati mtengo uyenera kusiyana, chifukwa chake chikhale choti mungachinene pamaso pa onse awiri, monga kuchuluka kwa maulendo pa mwezi kapena kutalika kwa mtunda.

Pa zokumbutsa napo anthu ouma mutu aja amasiyanitsa. Banki amaipatsa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka n'kulemba imelo yaifupi yotchula tsiku ndi mutu wa kalata yoyamba. Sasakasaka nambala ya bwana kuti amulembere pa WhatsApp, chifukwa zimene zakambidwa kumeneko sizilowa m'faelo, ndipo bwana wosamala amaopa kuoneka ngati ali ndi wake amene akumukondera. Achinyamata amawakumbutsa pakatha masiku atatu kapena anayi ndi mzere umodzi, pa njira yomwe anawalemberapo poyamba. Mayankho nawo amaulula pamene palakwika. A banki akayankha kuti "tumizani mapepala a kampani yanu", ndiye kuti munaika nthabwala pamalo a umboni. Wachinyamata akafunsa kuti "ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?", ndiye kuti pempho lanu linamira m'mbiri ya kampani.

Musanatumize uthenga wotsatira, werengani mokweza mizere iwiri yoyamba. Ngati wa ku banki sangaitumize kwa bwana wake osachita manyazi, kapena wachinyamata sangadziwe chimene mukugulitsa ndi mtengo wake, lembaninso. Amene mulibe nthawi yolemba kawiri, tsatirani malamulo ali pamwambawa, ntchitoyo itsalire anzanu.